Yankho labwera ndi Chichewa chachilendo: mmene mungauzire wolemba kuti akonze

Ku ofesi ya gulu la alimi kumene ndimagwira ntchito, mafunso amabwera pa foni ndiponso pa timapepala tomwe alangizi amatola m'makalabu. Wina amalemba yankho, ine n'kuliwerenga lisanatumizidwe. Chaka china m'nyengo yokolola tinalandira mnyamata wodziwa bwino ulimi, wa kwathu konkuno koma wokulira ku Lusaka, ndipo sukulu yake yonse anaphunzira m'Chingerezi. Tsiku lina bambo wachikulire wa ku Dowa anafunsa kuti, "Nsawa zanga ogula akuzikana, akuti zili ndi chuku. Nditani?" Yankho limene linafika pa tebulo langa linali ili:

"Wokondedwa mlimi, funso lako lalandiridwa ndi ife. Manje, chuku chimapangitsidwa ndi kusowa kwa kuumitsidwa kokwanira kwa nshawa. Ukulangizidwa kupanga chitsimikizo chakuti madzi sathiridwa pamene kusenda kukutenga malo. Usankhe vonse voola ndi kuvitaya. Alangizi azabwera mailo kukamba na iwe."

Za ulimi munalibemo bodza ngakhale limodzi. Koma kalatayi sikanapita choncho. Ndinali ndi njira ziwiri zachidule: kuilemba ndekha mwakachetechete, kapena kuibweza ndi mawu oti "Chichewa ichi sichikumveka, konzani." Zonse ziwiri ndinaziyesapo kale kwa anthu ena, ndipo zonse zimabala chinthu chimodzi: mawa lake pabwera kalata ina yofanana ndi yoyambayo. Njira imene ndimatsata masiku ano ndi iyi.

Choyamba: dziwani amene adzawerenge, musanagwire cholembera

Mawu sakhala olakwika paokha. "Manje" ndi mawu abwinobwino mu msika wa Soweto ku Lusaka, ndipo munthu akanena "tsopano" kumeneko ena amadziwiratu kuti ndi mlendo. Funso ndi lakuti kalatayi ikupita kwa yani. Choncho musanayambe kudula mizere, bwererani ku funso limene linabwera ndipo muliwerengenso. Onani msinkhu wa wofunsa ngati ukudziwika, dera lake, ndiponso mawu amene iye mwini wagwiritsa ntchito.

Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kulakwa ine mwini. Nditaona "nshawa" dzanja linathamangira kulemba "mtedza", chifukwa ndi mmene timalembera m'mabuku ndi mmene amanenera pa wailesi. Kubwerera ku kapepala kaja ndinapeza kuti bamboyo analemba "nsawa". M'madera ambiri a chigawo chapakati ndi mmene amatchulira. Ndiye kuti mnyamata uja anali pafupi ndi mlimiyo kuposa ine. Chofunika chinali kuchotsa chilembo chimodzi basi. Kalatayo ikanakhala ya mlimi wa ku Mulanje, kapena yoti iwerengedwe m'makalabu a dziko lonse, mtedza ukanapambana. Wofunsa akakupatsani mawu ake, muyankheni ndi omwewo.

Chachiwiri: werengani mokweza, kenako gawani zimene mwapeza

Maso amakhululuka zambiri, koma pakamwa sipanama. Werengani yankho lonse mokweza ngati mukuuza munthu amene mwakhala naye pa mphasa. Pamene lilime lapunthwa, ikani kachizindikiro. Musakonze kanthu kaye.

Mukatha, zimene mwaika zizindikirozo zigaweni malinga ndi kuopsa kwake, chifukwa sizilemera mofanana.

Zolemera kwambiri ndi zimene zingasocheretse wowerenga. M'kalata ija zinalipo zitatu. "Mailo" ndi mawu ochokera ku Chibemba, ndipo amatanthauza dzulo komanso mawa. Wa ku Lusaka amadziwa tanthauzo pomva mneni amene ali nawo pafupi, koma bambo wa ku Dowa sangadziwe tsiku loti adikire alangizi. "Kukutenga malo" ndi Chingerezi chovala malaya a Chichewa. Wolemba ankatanthauza "kukuchitika", koma mlimi akamva za kutenga malo maganizo ake amapita ku munda wake ndi kwa anthu olanda minda. Chachitatu n'chobisika: "usankhe". Mawuwa akulamula kusankha kamodzi. Langizo lenileni ndi loti azichita zimenezi nthawi zonse, chaka ndi chaka, ndipo Chichewa chili ndi kachilembo kake konenera zimenezo: "muzisankha". Chimodzimodzinso "musathire" ndi "musamathire". Woyamba akuletsa lero, wachiwiri akuletsa chizolowezi. Pa malangizo a ulimi kapena a mankhwala, kusiyana kumeneku si kwa masewera.

Zotsatira ndi zimene zingakhumudwitse. "Lako", "ukulangizidwa", "na iwe". Munthu wa imvi, mwina nyakwawa kumudzi kwawo, kumutchula "iwe" ngati mwana wotumidwa kukatunga madzi. Chingerezi chili ndi mawu amodzi a iwe ndi inu, choncho amene amaganiza m'Chingerezi nthawi zina saona kuti pali chosankha. Komanso "kukamba na iwe", kuwonjezera pa "na" yemwe kuno timati "ndi", kukumveka ngati alangizi akubwera kudzazenga mlandu. Kwathu mlendo wabwino amabwera kudzacheza nanu.

Kenako pali zimene zimamveka koma n'zouma kapena zachilendo: "lalandiridwa ndi ife", "kusowa kwa kuumitsidwa kokwanira", "kupanga chitsimikizo", "manje", "vonse voola", "azabwera". Mlimi angathe kuzimasulira, koma atatuluka thukuta, ndipo adzadziwa kuti amene akumuyankha si munthu wodziwa kwawo. Malangizo ochokera kwa munthu wotero amalandiridwa ndi dzanja limodzi.

Gulu lomaliza ndi limene anthu ambiri okonza za anzawo amagwa nalo: zimene zangosiyana ndi kukonda kwanu. Izi zisiyeni. Wina amalemba "anabwera", wina "adabwera". Aphunzitsi a nthawi ya Kamuzu ankalimbikira "ada-" pa zinthu zakale, koma onse awiri ndi Achewa ndipo palibe mlimi amene angasochere. Wina amati "kulankhula", wina "kuyankhula". Wina "matimati", wina "tomato", wina "phwetekere". Mukayamba kudula zoterezi, pepala lidzafiira lonse, ndipo wolembayo sadzatha kusiyanitsa "mailo", amene angaphonyetse munthu tsiku, ndi zokonda zanu chabe.

Chachitatu: chipatseni dzina chimene chavuta

Kunena kuti "chikumveka chachilendo" sikuthandiza amene analemba, pakuti kwa iye sichachilendo. Muyenera kudziwa chimene chikuchititsa, kuti mumupatse chinthu choti adzachigwiritsenso ntchito pa kalata ya mawa.

Za mawu a dera lina n'zosavuta kuziloza. Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka chinatenga zambiri ku Chinsenga ndi ku Chibemba, ndipo zizindikiro zake zimabwerezabwereza: "vi-" pamene ife tili ndi "zi-" (vintu, vonse), "ni-" pamene ife timati "ndi-" (nifuna), "ba-" wa ulemu kapena wa anthu ambiri pamene ife timati "a-" (bakamba, bantu), "-za-" pamene ife timalemba "-dza-". Mukamuonetsa munthu mndandanda waufupi woterewu, theka la ntchito latha, chifukwa akhoza kusaka yekha m'zolemba zake.

Koma samalani ndi dzina limene mukupatsa chilankhulocho. Musanene kuti "ichi n'Chizambia". Ku Katete ndi ku Chadiza kuli Achewa enieni, ndipo Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapita kukawalambira pa mwambo wa Kulamba chaka chilichonse, amakhala ku Mkaika m'boma la Katete. Chichewa cha kumidzi ya kumeneko chili pafupi kwambiri ndi cha ku Mchinji, ndipo n'chosiyana ndi cha m'misewu ya Lusaka. Nenani molunjika: awa ndi mawu a m'tauni ya Lusaka, wowerenga wathu ndi wa ku Dowa. Ndipo vuto lomweli limachitika m'dziko mwathu momwe muno. Wa ku Zomba akalemba "mbwanda" kwa mlimi wa ku Kasungu amene amati "kayera" kapena "nyemba", nkhani yake ndi yomweyi, kungoti palibe malire a dziko oti tiwanamizire.

Kuuma kwa ziganizo ndiko kofuna kufatsa, chifukwa mawu onse amakhala a Chichewa ndithu, koma mafupa ake ndi a Chingerezi. M'makalata a mu ofesi ndimapeza mitundu itatu kawirikawiri.

Woyamba ndi wobisa wochita. "Funso lako lalandiridwa ndi ife." Chichewa chili nawo mneni wotere, ndipo timamugwiritsa ntchito: mbuzi yabedwa, mwana walumidwa ndi galu. Koma palibe amene amalonjera mlendo kuti "mwaonedwa ndi ine". Wochita akakhala ife, ndipo tikulankhula ndi munthu maso ndi maso, timayamba ndi ife: "Talandira funso lanu." N'chimodzimodzi ndi "mukulangizidwa", "mukupemphedwa", "mukudziwitsidwa". Akulangiza ndani? Ngati ndi ife, tingolangiza basi.

Wachiwiri ndi wosandutsa aneni kukhala mayina n'kuwamanga pamodzi ndi "kwa". "Kusowa kwa kuumitsidwa kokwanira kwa nshawa." Werengani ma "kwa" ndi ma "ko-" ali mmenemo. Chichewa chimayenda ndi aneni. Chimafuna kuona chinthu chikuchitika. Funsani kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo yankho lake ndilo chiganizo chanu: nsawa sizinaume bwino. Ndiye, "Chuku chimagwira nsawa zikapanda kuuma bwino." Kachilembo ka "-ka-" kokha kanyamula katundu yense amene mayina atatu aja amalephera kusenza.

Wachitatu ndi "kupanga" ndi "kutenga" oikidwa patsogolo pa dzina pamene mneni weniweni alipo kale. Kupanga chitsimikizo m'malo mwa kuonetsetsa. Kupanga chiganizo m'malo mwa kugwirizana kapena kutsimikiza mtima. Kutenga malo m'malo mwa kuchitika. Ena mwa mawu oterewa, monga "kutenga nawo mbali", tawamva kwambiri pa wailesi mpaka akhazikika, ndipo ine sindilimbana nawo. Ndimalimbana ndi amene mlimi angawamve mwina. "Kupanga chitsimikizo" angaganize kuti pali chikalata choti akasainitse kwa amfumu.

Chachinayi: sankhani malo ndi nthawi

Apa sindichedwapo. Osakonza munthu pagulu, kaya pa msonkhano wa m'mawa kaya pa gulu la pa foni la ogwira ntchito. Chilankhulo cha munthu ndi kwawo, ndi amayi ake. Mukachiseka pamaso pa anzake, sadzamvanso china chilichonse chimene munganene. Ngati muli ofesi imodzi, pitani pamene wakhala, pepala lili m'manja. Ngati ali kutali, mulembereni iye yekha. Ndipo chitani zimenezi kalata isanapite, nthawi yokonza ikadalipo.

Chachisanu: lozani, fotokozani za wowerenga, pemphani

Pempho labwino lili ndi zinthu zinayi, ndipo ndimazitsata m'ndondomeko yomweyi. Nenani chimene chili bwino ndipo chisasinthidwe. Kumbutsani amene akuyankhidwa. Lozani mawu enieniwo, limodzilimodzi, ndi chimene wowerenga adzamve. Malizani ndi chimene mukufuna ndi nthawi yake.

Chinthu choyambacho si chonyengerera ayi. Chili ndi ntchito: mukapanda kunena kuti mfundo zili bwino, wolemba amagwetsa nyumba yonse n'kumanganso, ndipo pomanganso amataya mfundo zimene zinali zolondola.

Kwa mnyamata uja ndinalemba motere:

"Aphwanga, ndawerenga yankho la bambo a ku Dowa lija. Malangizo ake ali bwino onse, musachotsepo kanthu. Chatsala ndi Chichewa chake kuti chifanane ndi cha mwini funso, amene ndi munthu wachikulire wa kumudzi. Poyamba, tiwatchule kuti inu paliponse, osati iwe. Chachiwiri, mawu awa ndi a ku Lusaka ndipo iwo sawadziwa: mailo, manje, vonse, na. Pa mailo tilembe mawa ndi dzina la tsiku, kuopa angadikire tsiku lolakwika. Chachitatu, kukutenga malo angamve ngati tikunena za munda wawo. Chachinayi, ziganizo zitatu zoyambazo tazinenani mmene mungawauzire mutakhala nawo pakhonde, kuyamba ndi amene akuchita: talandira, nsawa zikapanda kuuma, musamathire. Nsawa musiye choncho, ndi mmene alembera eni ake, mungochotsa h. Mukakonza nditumizireni isanakwane 3 koloko kuti ipite lero."

Onani kuti sindinamulembere kalata yonse. Ndinamupatsa poyambira pa chiganizo chilichonse n'kumusiya amalize. Mukalemba yonse, iye adzangokopera, ndipo chimene waphunzira n'chakuti pali mkulu wina amene amakonza. Onaninso kuti paliponse ndaika mlimi patsogolo: iwo sawadziwa, angamve, angadikire. Sindinanene kuti "mwalakwitsa" kapena kuti "Chichewa chenicheni chimati". Mkangano wa Chichewa chenicheni ulibe mathero. Unayamba kale 1968 isanafike, chaka chimene chilankhulochi chinasinthidwa dzina kuno kuchoka pa Chinyanja n'kukhala Chichewa, ndipo sudzathera pa tebulo lanu. Koma funso loti bambo wa ku Dowa amva kapena samva lili ndi yankho, ndipo nonse awiri mukhoza kulipeza.

Zinthu zinayi kapena zisanu pa uthenga umodzi n'zokwanira. Zikachuluka, tengani zosocheretsa ndi zokhumudwitsa, zouma zina mudzanene ulendo wina. Ine "wokondedwa mlimi" sindinamutchule n'komwe tsiku limenelo, ngakhale sindimukonda. Ndi malonje a m'kalata za kusukulu, savulaza munthu.

Nanga wolembayo akakhala bwana wanu? Mfundo ndi zomwezo, koma chimasintha ndi khomo lolowera. Simulamula, mumapempha chilolezo, ndipo ntchito yokonza mumaisenza ndinu. Mwachitsanzo: "Bwana, kalata ija ndaiona, mfundo zake zamveka. Ndimati ndipemphe nawo, pali mawu awiri atatu amene anthu a kumudzi kuja angawamve mwina, monga apa pa kutenga malo. Mungalole kuti ndiyesere kuwafewetsa, ndikuonetseni musanasaine?" Mabwana ambiri amavomera msanga, chifukwa dzina limene likhale pansi pa kalatayo ndi lawo.

Akakhala womasulira wolipidwa, musachite manyazi. Kukonza n'gawo la ntchito imene mwalipira. Mutumizireni ndime yake, mzere ndi mzere, pambali pake chimene chavuta. Koma dzifunseninso ngati munamuuza poyamba kuti owerenga ndi a dziko liti, a dera liti, a msinkhu wanji. Ngati munangoti "timasulireni m'Chinyanja", ndiye kuti theka la mlandu ndi lanu, ndipo muvomere potumiza pempholo.

Chachisanu ndi chimodzi: akakana, musakangane, kayeseni

Mnyamata uja anabwera yekha pa tebulo langa, pepala lili m'manja. Za "iwe" anavomera pomwepo, mpaka anagwira pakamwa. Koma pa zina anaima.

"Akulu, koma zimenezi zikumveka. Lalandiridwa ndi Chichewa ndithu. Ndipo kalata ya ofesi iyenera kumveka ngati ya ofesi."

Mawu omalizawa ndi amene amasunga ziganizo zouma m'maofesi ambiri. Anthu amaganiza kuti kuuma ndiwo ulemu. Koma ulemu wa Chichewa uli m'malo ena: mwa "inu", mwa "bambo" ndi "mayi", mwa "zikomo" ndi "pepani", mwa kachilembo ka "-ko" kofewetsa pempho ngati "tithandizeniko". Kalata ikhoza kukhala ndi zonsezi n'kukhalabe yosavuta kumva.

Sindinatsutsane naye. Ndinati tipite panja. Pa geti panali alonda athu, bambo a zaka zofanana ndi mlimi uja, nawonso amalima nsawa kwawo. Tinawapempha kuti atithandize, ndipo mnyamatayo anawawerengera kalata yake. Apa pali chinsinsi chimodzi: musafunse kuti "mwamva?" Munthu waulemu aliyense amayankha kuti eya. Funsani kuti, "Kalatayi ikanakhala yanu, mukanachita chiyani mukafika kunyumba?"

Alondawo anakhala chete pang'ono, n'kuti, "Ndamva kuti zowola ndizitaya. Koma za malozo, akufuna malo ati? Nanga alangiziwo akuti abwera liti?"

Za kuyanika ndi za madzi, zomwe zinali mtima wa yankho lonse, sanazitchule n'komwe. Ndinaona nkhope ya mnyamatayo ikusintha. Kenako ndinamuuza kuti apinde pepalalo aike m'thumba, awafotokozere alondawo pakamwa zimene mlimi ayenera kuchita. Anayamba mokayika, koma posakhalitsa zinatuluka zokha: kuti nsawa ziume kaye mpaka zizilira mukazigwedeza, kuti anthu amaziwaza madzi pofuna kuti makoko afewe poswa ndipo chinyontho chimenecho ndi chimene chuku chimakonda, kuti zonyala ndi zoboola ndi zimene zimakhala ndi poizoni wambiri. Alondawo ankangogwedeza mutu, mpaka anafunsa funso lawolawo la mmene angasungire matumba.

"Zimene mwanenazo," ndinatero, "kalembeni zomwezo."

Njira imeneyi imagwira ntchito pafupifupi kwa aliyense, chifukwa anthu ambiri amene amalemba Chichewa chouma amalankhula Chichewa chabwino. Chimawawumitsa ndi cholembera. Akangokhala pansi kuti alembe, mutu umabwerera m'kalasi momwe kulemba konse kunali kwa Chingerezi.

Mkangano ukakhala wa kalembedwe, osati wa mawu, ndiye pali poimira. Ku Zambia mabuku a sukulu amalemba "c" pamene ife timalemba "ch": cinthu, cifukwa, Cinyanja. Kuno timatsata malamulo a kalembedwe amene anakonzedwa ndi bungwe loona za Chichewa lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Anawakonzanso komaliza mu 1990, ndipo kuyambira 1996 ntchito yoyang'anira ziyankhulo ili m'manja mwa likulu la ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Kalata yopita kwa Mmalawi itsate kalembedwe ka kuno, yopita ku Chipata itsate ka kumeneko. Pamenepa palibe chifukwa chovutitsira alonda.

Chachisanu ndi chiwiri: werenganinso zimene zakonzedwa

Musaganize kuti poti wakonza ndiye kuti zatha. Pokonza pamabuka zilema zina zitatu, ndipo ndimaziyang'ana nthawi zonse.

China ndi mfundo yotayika. Ikani kalata yakale ndi yatsopano pambalipambali, muwerenge malangizo: analipo angati, atsala angati. China ndi kukonza theka, pamene "iwe" wachoka koyambirira koma watsalira kumapeto, kapena dzina lasintha koma agwirizanitsi ake atsala akale. Mukasintha "mtedza" kukhala "nsawa", ndiye kuti "wouma" akhale "zouma", "muuyanike" akhale "muziyanike", mpaka kumapeto kwa kalata. Chachitatu ndi kupyola muyeso. Munthu akauzidwa kuti Chichewa chake n'chachilendo, nthawi zina amakafukula mawu akalekale ndi miyambi kuti aonetse kuti amachidziwa. Mnyamata wathu analemba "chiphe" pamene alondawo, ndi mlimi aliyense amene ndimamudziwa, amati "poizoni". Mawu obwereka amene anakhazikika, monga feteleza, sukulu, foni, thumba la makilogalamu 50, ndi Chichewa cha anthu, ndipo kuwachotsa ndi kuumitsanso kalata mwa njira ina.

Itakwana 2 koloko, yankho linabwera lotere:

"Bambo, talandira funso lanu, zikomo. Chuku chimagwira nsawa zikapanda kuuma bwino. Muziziyanika mpaka zizilira mukazigwedeza, ndipo poswa musamaziwaze madzi ngakhale makoko alimbe. Zowola, zonyala ndi zoboola muzizisankha n'kuzitaya. Musapatse ana kapena nkhuku, chifukwa zimakhala ndi chiphe. Alangizi abwera mawa Lachinayi kudzacheza nanu."

Ine ndinangosinthamo "chiphe" uja basi. Za ana ndi nkhuku anawonjezera yekha, atakumbukira kuti m'midzi nsawa zosankhidwa sizitayidwa kawirikawiri, zimasinjidwa n'kulowa m'ndiwo. Onaninso "abwera mawa": pa chinthu chapafupi ndi chotsimikizika timatero, pamene "adzabwera" amakankhira ulendowo patali pang'ono. Izi sindinamuuze, anazitola pakamwa pa alonda aja.

Chomaliza: lembani zimene mwagwirizana

Kuti musamabwereze nkhani imodzimodzi sabata iliyonse, sungani pepala limodzi la mawu amene mwagwirizana. Lathu lili ndi mizati itatu: mawu amene anabwera, mawu amene tasankha, ndi dera la owerenga. Mzati wachitatuwu ndi umene umaletsa pepalalo kusanduka lamulo lopondereza, chifukwa mzere wa nsawa umati Dowa, Kasungu, Mchinji, pamene wa mtedza umati kum'mwera ndi makalata a dziko lonse. Pansi pake tinalembapo mafunso awiri oti wolemba azidzifunsa asanabweretse kalata kwa ine: akuchita ndani m'chiganizo ichi, ndipo ndi za kamodzi kapena za nthawi zonse?

Pepalalo aliyense ali ndi ufulu wolembapo, ndipo silikhala la ine ndekha. Miyezi ingapo pambuyo pake tinalandira funso kuchokera kwa mayi wina wa ku Mchinji amene anakhala zaka zambiri ku Lusaka, lolembedwa ndi "nifuna" ndi "manje" zake zonse, lofunsa za mbewu ya kandolo. Ndinaliyang'ana kawiri osadziwa kuti akufunsa chiyani. Ndinanyamuka ndi kapepalako kupita pa tebulo la mnyamata uja, amene anandiuza kuti kandolo ndi mbatata, n'kutenga cholembera kuti awonjezere mzere wina pa pepala lathu lija.